Lisiti la manda, wilo ndi mawu a zaka 19 zapitazo: mkangano wa malo oika malemu

Lipoti ili ndi la mlandu umene ndinaimira mayi wamasiye pa mkangano wa malo oika thupi la amuna awo. Mayina, malo ndi zina zimene zingaulule banjali ndazichotsa. Ndaulemba chifukwa anthu awiri amene ankakokana, aliyense ali wotsimikiza kuti mphamvu ndi yake, onse analibe mphamvuyo. Inali m'manja mwa munthu wachitatu, amene pa zokambirana za banja ankangokhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Malamulo amene ndikufotokoza ndi a maiko amene anatengera malamulo a ku Mangalande pa nkhani za wilo ndi chuma cha masiye. Maiko ena ali ndi zawo, ndipo ndisonyeza pamene akusiyana.

Banja lake

Malemu anali bambo a zaka 63, ndipo anamwalira m'chipatala Lachisanu usiku ndi nthenda ya mtima. Mkazi wawo woyamba anamwalira kalekale, n'kusiya mwana mmodzi wamkazi amene pa nthawi ya mlanduwu anali ndi zaka 34. Mayi amene ndinawaimira anali mkazi wachiwiri, wa ukwati wolembetsa, ndipo anakhala ndi malemu zaka 17. Anabereka ana awiri, wa zaka 15 ndi wa zaka 12. Banjali linkakhala mumzinda umene malemu anagwiramo ntchito moyo wawo wonse. Kumene anabadwira ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto, ndipo kumeneko kuli manda a bambo ndi mayi awo. Amene amasamala malowo ndi mkulu wawo wa malemu, bambo a zaka 70.

Pofika Loweruka madzulo banja linali litagawikana. Akulu a malemu anati mng'ono wawo akagona pafupi ndi bambo ake, monga anagonera amuna onse a m'banjamo, ndipo anati malemu ananena okha zimenezi. Mayi wamasiye anati amuna awo anawauza kuti adzaikidwe mumzindamo, pamene ana awo azitha kufika. Zokambirana za Lamlungu zinathera m'misozi. Mawu omaliza amene mayiwo anawakumbukira anali a alamu awo akuti, "Alamu, inu munamupeza ali wamkulu kale. Ife tinabadwa naye."

Mayiwo anafika ku ofesi kwanga Lolemba m'mawa ndi chikalata cha ukwati m'manja. Kwa iwo chikalatacho chinali yankho lonse.

Mphamvu ili ndi yani

Funso langa loyamba silinali la ukwati. Ndinafunsa ngati malemu anasiya wilo. Anati inde, ili kwa loya amene anawalembera zaka zinayi zapitazo, koma iwo sanaiwerengepo. Ndinaimba foni kwa loyayo ndi kupempha zinthu ziwiri zokha, dzina la amene malemu anamusankha kuti adzayendetse wiloyo, ndiponso ngati muli mawu aliwonse okhudza maliro. Yankho linabwera masana. Woyendetsa wilo anali mwana wamkazi wa zaka 34 uja, yekha. Za maliro munalibe ngakhale mzere umodzi.

Kuti zimveke chifukwa chake dzina limeneli linatembenuza nkhani yonse, tiyambire pa mfundo imene anamfedwa ambiri imawapweteka akaimva koyamba. Pamaso pa malamulo amenewa, mtembo si katundu wa munthu aliyense. Mkazi alibe umwini pa thupi la mwamuna wake, kholo pa la mwana wake, ngakhale malemu eniake sangalipereke kwa wina kudzera mu wilo monga aperekera nyumba. Chimene chilipo ndi udindo woika thupilo mwaulemu ndiponso mosachedwa. Amene wasenza udindowo ndiye amene ali ndi ufulu wotenga thupi ndi kusankha malo, chifukwa sangaukwaniritse popanda ufulu umenewo. Ngati pali wilo, udindowo umagwera woyendetsa wilo. Mphamvu yake imayamba pa nthawi ya imfa, sayembekezera kuti khoti litsimikize kaye wiloyo, zimene zimatenga miyezi pamene thupi silingadikire.

Mfundoyi ndi yakale. Mu 1882 khoti la ku Mangalande linaweruza mlandu wa mayi wina, Eliza Williams, amene bwenzi lake linalemba kuti iye adzatenge thupi lake n'kulitentha. Achibale analiika m'manda. Mayiyo anakalifukulitsa, n'kupita nalo ku Milan kukalitentha, kenako anasumira oyendetsa wilo kuti amubwezere ndalama zimene anawononga. Analuza. Khoti linati thupi lilibe mwini, oyendetsa wilo ndiwo anali ndi ufulu wa kulisunga ndi kuliika, ndipo zimene malemu analemba zokhudza thupi lawo sizimanga munthu. Mbali yomalizayi ambiri saikhulupirira. Zofuna za malemu zimalemera ndithu, ndipo tiona kuti mu mlandu wathu ndizo zinagamula, koma zimalemera ngati umboni umene wosankha ayenera kuuganizira, osati ngati lamulo. Si kulikonse kumene zili choncho. Ku Falansa lamulo la 1887 limapatsa munthu wamkulu ufulu wokonza yekha za maliro ake, ndipo zimene wasankha zimayenera kutsatidwa. Loya asanalangize, aone kaye ngati dziko lake lili ndi lamulo lolembedwa lotere.

Pakanakhala popanda wilo, mayi wamasiye akanakhala pabwino. Khoti limafunsa kuti ndani ali patsogolo pa mndandanda wa oyenera kupatsidwa chilolezo choyendetsa chuma cha masiye, ndipo kawirikawiri amayamba ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, kenako ana, makolo, n'kumalizira abale obadwa nawo. Mndandandawu si wachitsulo. Ukwati umene unatha kale m'zochita ngakhale usanathe pa pepala umafooketsa malo a wamasiye, ndipo ngati okanganawo ali pa mzere umodzi, monga bambo ndi mayi a mwana, khoti limayang'ana amene dongosolo lake lingatheke msanga ndiponso mwaulemu.

Akulu a malemu nawo sanali opanda poimira. M'maiko amene malamulo amavomereza mwambo wa mtundu wa munthu, mwambowo ungapose wamasiye. Chitsanzo chodziwika ndi cha S.M. Otieno, loya wa ku Nairobi amene anamwalira mu Disembala 1986 osasiya wilo. Mkazi wake Wambui ankafuna kumuika pa munda wawo pafupi ndi Ngong, koma mchimwene wa Otieno ndi fuko lawo la Umira Kager ankafuna kumuika kwawo ku Nyalgunga. Thupi linakhala mu mochale pafupifupi miyezi isanu, khoti la apilo linagamula mokomera fuko potsata mwambo wa Aluo, mtundu wa malemuyo, ndipo anaikidwa mu Meyi 1987 mkazi wake kulibe. Kusiyana ndi mlandu wathu n'koti Otieno sanasankhe munthu womuyendetsera zinthu, pamene malemu athu anasankha.

Ndinawauza mayiwo mosapita m'mbali kuti chikalata chawo cha ukwati chikuwapatsa ufulu womvedwa, koma osati wogamula. Anakhala chete, kenako anati mwanayo sanawaonepo ngati mayi ake, ndipo dzulo lake anachoka pa zokambirana ali m'galimoto ya bambo ake aakulu.

Kuimitsa thupi

Pa mikangano imeneyi, amene ali ndi thupi m'manja amapambana nthawi zambiri kuposa amene ali ndi lamulo. Likangolowa m'nthaka nkhani imasintha. Kufukula kumafuna chilolezo chapadera, oweruza safuna kusokoneza manda, ndipo ngakhale chigamulo chitapezeka, kuchikwaniritsa ndi nkhani ina. Ku New Zealand, James Takamore anamwalira mu 2007 ku Christchurch, kumene anakhala zaka pafupifupi 20 ndi Denise Clarke, amene analinso woyendetsa wilo yake. Achibale ake a mtundu wa Tūhoe anatenga thupi n'kukaliika kwawo ku Kutarere pafupi ndi bambo ake. Mu 2012 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula mokomera Clarke. Koma mu 2014 anthu atapita kukafukula, achibale anawatsekera njira ndipo anabwerera chimanjamanja. Zaka zisanu za milandu sizinathe kubweza zimene zinachitika m'masiku ochepa.

N'chifukwa chake Lolemba lomwelo ndinatuma mnzanga wa mu ofesi kukafufuza kumene thupi linali. Linali litachoka kale ku mochale ya chipatala Loweruka, lili ku kampani yokonza maliro. Mafunso amene timafunsa kumalo kotere ndi ochepa, koma amaulula zambiri. Kaundula ali m'dzina la yani? Anali m'dzina la akulu a malemu, amene analipiranso ndalama zoyambirira. Chikalata cha dokotala chotsimikiza imfa chili ndi yani? Chinali ndi iwo omwewo. Thupi alikonza motani? Analibaya mankhwala oliteteza pa ulendo wautali, ndipo bokosi linali losankhidwa kale. Galimoto inali itasungitsidwa kuti inyamuke Lachitatu m'bandakucha. Zizindikiro zimenezi zikakumana, musadikire kuti wina akuuzeni kuti maliro akunyamuka. Mayi wamasiye sankadziwa chilichonse mwa izi, ankaganiza kuti zokambirana zikadali mkati.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale ogwira ntchito m'makampani amenewa. Iwo amamvera amene wasaina ndi kulipira, chifukwa ndiye kasitomala wawo. Koma kulipira sikupereka ufulu wosankha manda. Wolipira angabwezeredwe ndalama zake kuchokera ku chuma cha masiye ngati zinali zoyenera, basi. Chimodzimodzi kukhala ndi zikalata za imfa, kumene kumangosonyeza amene anafika msanga pa windo.

Tinalembera kampaniyo kalata ya tsamba limodzi. Inanena kuti pali mkangano, kuti pali wilo imene inasankha woyendetsa, kuti tikupita ku khoti m'mawa mwake, ndipo tikupempha kuti asapereke thupi kwa aliyense popanda mgwirizano wolembedwa kapena lamulo la khoti. Mkulu wa kampaniyo anavomera kudikira mpaka Lachiwiri madzulo, osapitirira, ndipo sindimuda. Kalata ya loya si lamulo, ndipo iye anali ndi pangano ndi munthu wina. Tinatumizanso kalata kwa mwana wa malemu yomudziwitsa kuti ndiye woyendetsa wilo. Zinadziwika pambuyo pake kuti mpaka nthawi imeneyo sankadziwa. Ankangotsatira zimene bambo ake aakulu anena, poganiza kuti iye ndi mwana chabe pa nkhani za akuluakulu.

Ku khoti Lachiwiri

Tinapempha chiletso cha kanthawi. Sitinapemphe khoti kuti lilamule zoika malemu mumzinda, ngakhale mayiwo ankafuna zimenezo. Pempho lotere likanagwa, chifukwa woweruza akanafunsa kuti bwanji akulanda mphamvu woyendetsa wilo amene sanagamule n'komwe. Tinapempha zitatu: thupi lisachoke pamene lili, woyendetsa wilo amve mbali zonse, ndipo apereke chiganizo chake cholembedwa pofika Lachisanu masana.

M'chikalata cholumbirira cha mayiwo tinaikamo wilo ija, ngakhale inkaoneka yotsutsana nafe. Amene akupempha chiletso mwachangu ali ndi udindo wouza khoti zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Akabisa, mbali inayo imadzaulula, chiletso chimachotsedwa, ndipo woweruza sakhulupiriranso china chilichonse chochokera kwa iye. Tinanenanso kuti akulu a malemu ali ndi mboni zoti malemu ankafuna kukagona kwawo. Mayiwo analonjeza kulipira okha ndalama zosungira thupi tsiku lililonse la chiletso ngati atapezeka kuti anachedwetsa maliro popanda chifukwa. Akulu a malemu tinawadziwitsa pa foni usiku wa Lolemba za nthawi ya mlandu. Kupita mobisa kukanatheka, koma sizikanathandiza, popeza banjali liyenera kudzakumana pa manda amodzi.

Anabwera ndi loya wawo, amene anatsutsa kuti manda akumbidwa kale kwawo ndipo anthu asonkhana. Imeneyi ndi mfundo yeniyeni, chifukwa makhoti amalemekeza dongosolo limene lapita kale patali. Koma woweruza anafunsa kuti mandawo anayamba kukumbidwa liti. Yankho linali Lamlungu m'mawa, zokambirana za banja zisanachitike. Woweruza anati munthu sangathamangire kukumba mkangano uli mkati, kenako n'kudzanena kuti dzenjelo ndilo chifukwa chomugamulira. Anapereka chiletso mpaka Lolemba lotsatira ndipo anavomera zitatu zija.

Umboni wa zofuna za malemu

Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Woyendetsa wilo sasankha zongomukomera. Ayenera kuganizira zimene malemu ankafuna, maganizo a achibale apafupi, chikhulupiriro ndi mwambo wa banja, ndalama zimene chuma cha masiye chingakwanitse, ndiponso kufunika koika thupi msanga. Mwanayo anapeza loya wakewake, zimene zinali zanzeru, ndipo anaitana mbali zonse Lachinayi.

Umboni wa akulu a malemu unali uwu. Pa tsiku loika bambo awo, zaka 19 zapitazo, malemu analoza malo oyandikana ndi mandawo n'kunena kuti iwo adzagona pamenepo. Anthu awiri anamva, ndipo onse analumbira. Ndinawamvetsera bwino, ndipo sindikukayika kuti ankanena zoona. Maloya ena amalakwitsa poyesa kusandutsa mboni zotere kukhala abodza. Pa mikangano ya maliro nthawi zambiri mbali zonse zimanena zoona, chifukwa munthu amanena zosiyana kwa anthu osiyana pa nthawi zosiyana. Kwa mkulu wake amanena zomusangalatsa mkulu wake, kwa mkazi wake chimodzimodzi. Funso lothandiza si lakuti akunama ndani, koma lakuti mwa mawu onsewa, ndi ati amene malemu anawaganizira mofatsa n'kufa nawo.

Mayi wamasiye anali ndi maumboni awiri. Woyamba unali mawu amene amuna awo anawauza m'chipatala masiku atatu asanamwalire. Kwa iwo umenewu ndiwo unali waukulu, koma ndinawachenjeza kuti ndi wofooka. Anamva ndi iwo okha, ndi iwo amene akupindula nawo, ndipo wodwalayo anali pa mankhwala amphamvu. Wachiwiri anangoutchula modutsa, nditawafunsa ngati m'nyumba muli pepala lililonse lokhudza manda. Anati kale amuna awo anagula malo ku manda a mumzinda. Tinapeza lisitilo m'chikwama cha zikalata za nyumba, pakati pa mapepala a inshuwalansi, litapindidwa panayi. Linali la malo awiri oyandikana, manambala ake otsatizana, losainidwa ndi malemu. Ofesi ya mandawo inatsimikiza kuti malowo ali m'kaundula m'dzina lawo. Tsiku la pa lisiti linali milungu itatu kuchokera pamene anasaina wilo.

Poyeza umboni wotere ndimafunsa kuti unanenedwa liti, munthuyo anali mu mkhalidwe wotani, ndipo anachitapo chiyani pambuyo pake. Mawu a pa manda a bambo ananenedwa ndi munthu wachisoni, mkazi woyamba atamwalira, wachiwiri asanamukwatire, ana awiri aang'ono asanabadwe. Lisiti linali la zaka zinayi zapitazo, pa nyengo imene malemu ankakonza za imfa yawo ali bwinobwino, ndipo anatulutsa ndalama. Munthu sagula malo awiri oyandikana mwangozi.

Loya wa mbali inayo sanagone. Anafunsa kuti ngati malemu anatsimikiza mtima, bwanji sanalembe mu wilo imene anasaina mwezi womwewo? Anasonyezanso kuti chaka chatha malemu anatumiza ndalama zokonzera manda a makolo ndi kumanga mpanda, ndipo mpandawo unasiya malo apadera pafupi ndi bambo awo. Mfundo yachiwiriyi inandivuta kuposa yoyamba. Wilo zambiri sizinena za maliro, ndipo maloya ena amalangiza dala kuti zisalembedwemo chifukwa wilo imawerengedwa maliro atapita kale. Koma mpandawo unali ntchito yaposachedwa kuposa lisiti. Chimene chinauchepetsa mphamvu ndi yankho la akulu a malemu eniake, atafunsidwa kuti anauza omanga kukula kwa mpanda ndani. Anayankha moona mtima kuti ndi iwo. Mng'ono wawo anangotumiza ndalama.

Panalinso ana awiri aja. Zofuna za amoyo zimawerengedwa, makamaka ana aang'ono amene sangathe kuyenda okha ulendo wa tsiku lathunthu kukaona manda a bambo awo. Mwana wa zaka 15 analemba yekha mizere ingapo kwa mchemwali wake. Sindinaione isanatumizidwe ndipo ndinakana kuiona, kuti pasadzakhale wonena kuti loya ndiye anamuuza zolemba.

Chiganizo ndi chigamulo

Lachisanu masana mwana wa malemu anapereka chiganizo chake, masamba awiri. Anasankha manda a mumzinda. Analemba kuti akukhulupirira zimene bambo ake aakulu anamva zaka 19 zapitazo, koma akuona kuti bambo ake anasintha maganizo atakhalanso ndi banja. Anatchula lisiti, anatchula azibale ake aang'ono, ndipo anafotokoza chifukwa chake mpanda uja sanauone ngati chisankho cha malemu. Za mawu a m'chipatala analemba kuti sanawawerengere konse. Mayi wamasiye zimenezi zinawawawa ngakhale anapambana, koma ndi mawu amenewo amene anapangitsa kuti pepalalo likhale lovuta kuligwetsa, chifukwa linasonyeza kuti wolemba sanangotenga mbali.

Lolemba akulu a malemu anapempha khoti kuti lisinthe chiganizocho. Makhoti amasiyana pa kukula kwa mphamvu imene amadzipatsa apa. Ena salowerera pokhapokha woyendetsa wilo atachita zopanda nzeru kotheratu, pamene ena, monga la ku New Zealand mu mlandu wa Takamore, amayezanso okha ngati chisankhocho chinali choyenera. Woweruza wathu anati pa miyeso yonse iwiri chiganizocho chikuima. Anaona kuti woyendetsa wilo anamva mbali zonse, anaganizira mwambo wa banja m'malo moukankhira kumbali, ndipo alibe phindu lake pa malo amene wasankha. Anawonjezera kuti mwanayo akanasankha kwawo kwa malemu pa zifukwa zomveka zofanana, n'kutheka kuti sakanamusokonezanso. Mawu amenewo ndinawawerengera mayi wamasiye mwadala, kuti adziwe kuti sanapambane chifukwa chokhala mkazi.

Kukanakhala kuti mwanayo anangosaina pepala lolola thupi kunyamuka Lachitatu lija osamva mayi ake omupeza, tikanakhala ndi poyambira. Woyendetsa wilo amene wasankha osafunsa apafupi, kapena amene wangopereka mphamvu yake kwa wachibale wina, chiganizo chake chimatha kugwetsedwa. Koma tikanakhala tikutsutsa thupi lili kale m'nthaka.

Zotsalazo tinagwirizana panja pa khoti, ndipo woweruza anazilemba ngati lamulo. Achibale a malemu anapatsidwa nthawi yawoyawo ndi thupi usiku woti mawa lake ndi tsiku loika, kuti achite zimene amachita. Akulu a malemu anapatsidwa mwayi woyankhula pa manda m'malo mwa banja. Chuma cha masiye chinawabwezera ndalama za bokosi ndi zokonzera thupi, komanso chinalipira galimoto imodzi yonyamula achibale ochokera kwawo. Ndalama zokumbira manda aja ndi za galimoto ya Lachitatu sizinabwezedwe, chifukwa zinawonongedwa popanda chilolezo cha woyendetsa wilo. Aliyense analipira loya wake. Woweruza anakana kulanga akulu a malemu ndi ndalama za mlandu, ponena kuti anabwera ndi umboni weniweni osati nkhanza. Ndikuona kuti anachita bwino, ngakhale kasitomala wanga ankafuna zina.

Malemu anaikidwa Lachitatu, patatha masiku 12 chimwalirireni. Akulu awo anabwera ndipo anayankhula, koma ananyamuka osalowa m'nyumba ya alamu awo.

Nkhani imodzi ndinaumirira kuti ithe tisanatseke fayilo. Malo awiri aja anali m'dzina la malemu, choncho analowa m'chuma cha masiye. Amene dzina lake lili m'kaundula wa manda ndiye amaloleza chiliza, mawu olembedwapo, ndiponso amene adzaikidwe pa malo achiwiriwo, ndipo mabanja amene agwirizana za malo oika amayambananso chaka chotsatira pa mawu a pa chiliza. Tinagwirizana kuti malo amene agona malemu alembedwe m'mayina a mwana wamkulu ndi mayi wamasiye pamodzi, achiwiriwo m'dzina la mayiwo okha, ndipo mawu a pa chiliza adzatumizidwe kwa akulu a malemu kuti anenepo maganizo awo mmisiri asanayambe kusema. Ofesi ya manda inakana kusintha mayinawo mpaka khoti litatsimikiza wilo, kotero mgwirizanowo unasainidwa ndi onse atatu n'kusungidwa kwa loya wa woyendetsa wilo kufikira chikalatacho chitatuluka.